Tatuu ya nsidze: kucheka, kupopera ndi makina kapena kungokhala ndi pensulo

Otsatsa ntchitoyi amakonda kunena kuti utoto umatha wokha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, ndiye ngati simunakonde palibe chodandaula. Izi zimasocheretsa anthu ambiri. Utoto woikidwa mkati mwa khungu umasuluka ndithu, koma nthawi zambiri suchokeratu. Chimene chimatha ndi kukongola kwa tsiku loyamba, ndipo pamatsala mthunzi womwe ungakhale wabulauni wofewa, wotuwa ngati phulusa, wofiirira kapenanso wopita ku buluu. Choncho posankha njira musafunse kuti ndidzaoneka bwanji potuluka mu saluni. Funsani kuti pankhope panga padzatsala chiyani pakatha zaka ziwiri. Njira zimene zilipo zimasiyana kwambiri pa funso limeneli, makamaka kwa ife a khungu lakuda lomwe nthawi zambiri limatulutsanso mafuta pachipumi.

Chimene chimachitika mkati mwa khungu

Khungu lili ndi chikopa chapamwamba chopyapyala kwambiri, chomwe pankhope chimangokhala pafupifupi milimita 0.1. Chimenechi chimasenda n'kumera chatsopano pafupifupi milungu inayi iliyonse. Utoto ukangothera pamenepa, mwezi ukatha wapita. Pansi pake pali gawo lokhala ndi timitsempha ta magazi, ndipo katswiri amafuna kuika utoto pamwamba penipeni pa gawo limeneli. Akalowetsa singano mopitirira, utoto umamwazikana m'mbali, mzere wowonda uja n'kufufuma, ndipo ukamaonekera kudutsa mnofu wochindikala umaoneka wotuwa kapena wabuluu ngakhale m'botolo unali wabulauni. Malo olondolawo ndi opyapyala zedi, ndipo kumchira kwa nsidze khungu ndi lopyapyala kuposa chakumphuno. N'chifukwa chake nsidze zambiri zolakwika zimayamba kuda ndi kufufuma kumchira.

Thupi limaona utoto ngati mlendo. Maselo a chitetezo amameza tizidutswa take, tina n'kupita nato ku timwanabele, tina n'kukhala nato pomwepo kwa zaka. Dzuwa nalo limaswa mitundu ina. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: utoto wabulauni si mtundu umodzi, amachita kusakaniza wakuda, wofiira ndi wachikasu, ndipo mitundu itatuyi sisuluka nthawi imodzi. Zili ngati chitenje choyanikidwa padzuwa kwa miyezi, mitundu ina imafwifwa msanga ina n'kutsala, mpaka chitenje n'kuoneka china.

Utoto umene umagwiritsidwa ntchito uli m'magulu awiri akuluakulu. Wina amaupanga ndi okusaidi wa chitsulo. Umenewu umasuluka msanga ndithu, ndipo kawirikawiri gawo lakuda ndi limene limayamba kuchoka, n'kusiya nsidze zofiirira kapena za mtundu wa lalanje. Wina uli ndi kaboni wakuda, yemweyo wa mu inki ya tatuu ya pathupi, wosakaniza ndi mitundu yowala yofiira ndi yachikasu. Umenewu umagwira msanga ndipo umakhalitsa, koma apa zimatembenuka: chikasu ndi kufiira zimapita, kaboni n'kutsala, nsidze n'kusanduka zotuwa. Mabotolo ambiri masiku ano amasakaniza magulu awiriwa. Katswiri amene sangathe kukuuzani kuti botolo lake lili mbali iti, sangadziwenso kuti nkhope yanu idzaoneka bwanji chaka chamawa.

Njira yocheka, maikulobuleding'i

Iyi ndi imene inatchuka kwambiri, ndipo ambiri akati akufuna tatuu ya nsidze amatchula dzina limeneli ngakhale akutanthauza zina. Katswiri amagwira kachipangizo konga cholembera, kunsonga kwake kuli timasingano tondandalikana, 12, 14 kapena 18, tomwe pamodzi timacheka ngati lezala. Amakoka kachipangizoko pakhungu, n'kutsegula kabala kowonda kooneka ngati tsitsi limodzi, kenako n'kuthira utoto m'kabalamo. Amabwereza mpaka nsidze yadzaza.

Tsiku loyamba palibe njira yoposa imeneyi pa maonekedwe. Mizere imakhala yakuthwa, munthu wapafupi sangasiyanitse ndi tsitsi lenileni. Vuto ndi lakuti mzere uliwonse ndi bala locheka, ndipo kuya kwake kumadalira kulemera kwa dzanja la munthu basi. Pakhungu louma, losalala, la timabowo ting'onoting'ono, mizereyo ikhoza kukhala yooneka bwino kwa chaka kapena kupitirirako. Pakhungu la mafuta imafufuma, kulumikizana, n'kusanduka chigamba chimodzi. Pakhungu lakuda kwambiri pali chinanso: kuti kamzere kowonda kaoneke pamafunika utoto wakuda kwambiri, ndiye kuti kaboni wambiri, yemwe ndi amene amadzatuwa. Komanso khungu lathu likavulala limakonda kusiya banga lakuda pamalo pa balalo, ndipo kucheka kumavulaza kuposa kubaya.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa njirayi ndi kubwereza. Mizere ikafufuma munthu amabwerera kukachekanso chaka ndi chaka pamalo omwewo. Pakapita maulendo angapo khungu limakhala ndi tizipsera mkati, limauma n'kumanyezimira, ndipo khungu lachipsera siligwira utoto mofanana: pena umakana, pena umamwazikana. Ine ndikuona kuti ambiri mwa ife njirayi si yathu, pokhapokha khungu lanu lili louma ndithu ndipo mukungofuna kutseka kampata kakang'ono.

Njira yopopera ndi makina, paudala kapena ombure

Apa katswiri amagwiritsa ntchito makina okhala ndi singano imodzi kapena zochepa yomwe imalowa ndi kutuluka mofulumira, n'kusiya timadontho tambirimbiri. Sacheka. Zotsatira zake zimaoneka ngati munthu wadzola paudala wa nsidze mosamala. Akati ombure ndiye kuti kutsogolo chakumphuno apopera pang'ono, kumchira n'kudetsa.

Poyerekeza ndi kucheka, njirayi ili ndi zabwino zitatu zogwirika. Kuya kwa singano amachita kutchera pa makina, ndiye sikusinthasintha kwambiri. Kadontho kamapola msanga kuposa mzere wocheka. Ndipo popeza palibe mizere yoti ifufume, khungu la mafuta siliwononga chithunzicho, mthunzi umangopepuka pang'onopang'ono. Pakhungu lakuda imaoneka bwino chifukwa chimene diso limaona ndi mthunzi wonse, osati kamzere kamodzi. Imakhala chaka chimodzi mpaka zitatu isanafune kuwonjezera.

Nayo ili ndi msampha wake, ndipo timauona tsiku ndi tsiku m'misewu: nsidze zakuda bii, za makona anayi kutsogolo, ngati zodindidwa ndi chidindo. Zimenezo si vuto la njirayi koma la dzanja lomwe ladzaza utoto wambiri mpaka khungu losaonekanso pakati pa timadontho. Nsidze yotere sisuluka n'kukhala yofewa, imangosintha mtundu n'kukhala chigamba chotuwa kwa zaka zambiri. Paudala wabwino akapola khungu limaonekera pang'ono pansi pake. Ngati muli ndi tsitsi lanu pansidze, mthunzi umabisala kuseri kwake n'kuoneka wachibadwa. Ngati mulibe n'komwe, aliyense adzadziwa kuti n'zodzola, ndipo muyenera kuvomereza zimenezo musanayambe.

Nano ndi kombo

Nano ndi kujambula mizere ya tsitsi pogwiritsa ntchito makina ndi singano imodzi yowonda, m'malo mocheka. Sivulaza kwambiri ngati maikulobuleding'i ndipo ndi yabwino kwa munthu amene nsidze zinathothokeratu, mwina chifukwa cha matenda. Koma ndi njira yovuta kuiphunzira kuposa zonse, odziwadi ndi ochepa, ndipo mizere ndi mizere basi, pakhungu la mafuta ambiri idzafufumabe ndi nthawi. Kombo ndi kuphatikiza, mizere kutsogolo ndi paudala pakati mpaka kumchira. Mukaisankha funsani kuti mizereyo aichita ndi makina kapena pocheka, chifukwa dzina ndi limodzi koma mabala ndi osiyana.

Zosalowa m'khungu

Musanapite kwa wa singano ganiziraninso zimene sizibaya. Pensulo ndi paudala wodzola mumasamba madzulo zatha. Utoto wopaka pa tsitsi la nsidze umakhala milungu itatu kapena inayi. Hina, utoto wochokera ku masamba a chomera, amadetsa khungu kwa masiku angapo mpaka milungu iwiri, tsitsi n'kukhala lakuda motalikirapo. Kwa munthu amene akuganiza za paudala wa makina, hina ndi mayeso abwino: mumakhala ndi kalembedwe komweko kwa mlungu, kupita nako kuntchito, kutchalitchi, kudzuka nako m'mawa, n'kuona ngati mukukakondadi. Chenjezo ndi limodzi. Hina weniweni ndi wofiirira, ndipo wakuda amamuthira mankhwala a PPD, omwe amapezekanso m'mankhwala odetsera tsitsi. Anthu ena amatupa nawo ndi kutuluka matuza, ndipo thupi likangodana nawo limadana nawo moyo wonse. Yesani kaye kuseri kwa khutu ndi kudikira maola 48.

Komanso amene mumameta nsidze ndi lezala ku saluni, siyani kwa miyezi iwiri kapena itatu muone zimene zimere. Katswiri wabwino amatsata mzere wa tsitsi lanu ndi fupa la pamwamba pa diso. Akajambula pamwamba pa pamene tsitsi limamera, mudzakhala ndi nsidze ziwiri mbali iliyonse, yometa mlungu ndi mlungu ndi yojambula.

Mmene zimaipira, sitepe ndi sitepe

Tiyerekeze mayi wa khungu lakuda, chipumi chake chimanyezimira ikamakwana masana, ndipo ntchito yake ndi ya panja. Wasankha kucheka chifukwa zithunzi zake zinali zokongola. Katswiri wasankha utoto wakuda kwambiri kuti mizere ioneke.

Masiku awiri oyamba nsidze ndi zakuda kuposa mmene amafunira ndiponso zotupa pang'ono. Zimenezi n'zachibadwa pa njira iliyonse. Kuyambira tsiku lachisanu mpaka lakhumi pamachita nkhanambo zomwe zimayabwa n'kumagwa, ndipo zikagwa utoto umaoneka ngati wapita wonse, chifukwa khungu latsopano lauphimba. Umabwerera pang'onopang'ono, ndipo mtundu weniweni umadziwika pakatha milungu 4 mpaka 6. N'chifukwa chake ulendo wachiwiri wokonza umakhala pakatha milungu 6 mpaka 8. Mayi wathuyu, poona kuti utoto wasowa pa mlungu wachiwiri, wabwerera msanga, ndipo katswiri m'malo momuuza kuti adikire wachekanso pakhungu losapola, mozamirapo kuti ulendo uno ugwire.

Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mizere yalumikizana. Pakatha chaka ndi theka, dzuwa ladya kufiira ndi chikasu, kwatsala mthunzi wotuwa wopita ku buluu, wokulirapo kuposa nsidze imene anajambula. Akabwerera, katswiri ali ndi zinthu ziwiri zoti amuuze. Angapake utoto wa lalanje pamwamba kuti ubwezeretse ubulauni. Izi zimathandiza ngati utoto wakale watsala wochepa, koma ngati khungu ladzaza kale, lalanjelo limasuluka m'miyezi yochepa, kutuwa n'kubwerera, utoto m'khungu uli wochuluka kuposa kale. Kapena angamuuze kuti aphimba m'mbali mofufumamo ndi utoto wofanana ndi khungu. Chachiwirichi muchikane ndi mphamvu zanu zonse. Utoto wa mtundu wa khungu uli ndi titaniyamu dayokusaidi, woyera, wokhala nthawi yaitali kwambiri. Sufanana ndi khungu kwa nthawi yaitali, umasanduka ngati choko kapena wachikasu, ndipo umatseka khomo lochotsera.

Khomolo ndi makina a leyiza. Kuwala kwake kumaswa tizidutswa ta utoto kuti thupi litichotse. Kaboni wakuda amasweka bwino ndi leyiza wa 1064 nm, nambala yosonyeza mtundu wa kuwala kwake, yemwenso savulaza kwambiri khungu lakuda chifukwa melanini, chimene chimadetsa khungu lathu, samumeza kwambiri. Koma titaniyamu ndi okusaidi wofiira wa chitsulo akawombedwa ndi leyiza akhoza kusintha nthawi yomweyo n'kukhala wakuda kapena wotuwa. N'chifukwa chake wochotsa wosamala amayesa kaye pakadontho kamodzi. Ngakhale kaboni atachoka, pansi pake pamatulukira kufiira kapena chikasu, ndipo leyiza wochotsa kufiira, wa 532 nm, amamezedwa kwambiri ndi melanini, moti pakhungu lakuda akhoza kuwotcha kapena kusiya mabanga oyera. Chikasu ndiye chimakanirira kwambiri. Ulendo umodzi sukwana, pamafunika angapo otalikirana milungu 6 mpaka 8, ndipo ndalama zake zonse kawirikawiri zimaposa zimene munalipira pojambula.

Pali njira ina yochotsera yomwe amalowetsa madzi a mchere ndi singano kuti utoto utuluke ndi nkhanambo. Sisankha mtundu, koma imachedwa, ndipo popeza ndi kuvulazanso khungu lomwelo, ikhoza kusiya chipsera kapena banga. Mayi uja akanasankha paudala wopepuka, akanadikira milungu isanu ndi itatu, akanamavala chipewa kapena kudzola mafuta otchinga dzuwa nsidze zitapola, bwenzi pano akungofunika kuwonjezera pang'ono.

Zoopsa zoposa maonekedwe

Njira zonse za singano zimatulutsa magazi, ngakhale timadontho tokha. Ndiye kuti HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C akhoza kudutsa pa chipangizo chogwiritsidwa ntchito kawiri. Ambiri timangoopa HIV, koma kachilombo ka chiwindi ka mtundu wa B ndi kolimba kwambiri: kamapatsirana mosavuta kuposa HIV, ndipo kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kupitirira. Kakhoza kukhala pa chogwirira, pa botolo la utoto, pa nyale imene katswiri waigwira ndi golovesi ya magazi. Ku Malawi katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002, choncho obadwa chisanafike chakachi ambiri sanamulandire ali ana. Kupukuta singano ndi sipiliti sikuichititsa kukhala yatsopano.

Bala likalowa majeremusi, musadalire kufiira ngati chizindikiro, chifukwa pakhungu lakuda sikuoneka bwino. Yang'anani ululu umene ukukula m'malo mochepa pakatha masiku awiri kapena atatu, kutentha pamalopo, kutupa kotsikira ku chikope, mafinya, kapena kutentha thupi. Apa ndi pafupi ndi diso. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osati kwa amene anakujambulani.

Ena thupi lawo limadana ndi utoto wokha, makamaka wofiira. Kuyabwa, kutupa kapena timabulu tolimba motsatira mzere wa nsidze zikhoza kubwera patapita miyezi ngakhale zaka, ndipo kuyesa kuseri kwa khutu sikugwira zonse. N'zosowa, koma zikachitika zimavuta chifukwa choyambitsacho chili mkati mwa khungu. Mukadzafunika kujambulidwa mutu ndi makina a MRI, auzeni achipatala kuti muli ndi tatuu ya nsidze, poti ena ochepa amamva kutentha pamalopo.

Nkhani ya zipsera zotukuka, makeloyidi, ndi yathu kwambiri chifukwa zimachitika kawirikawiri kwa anthu akuda. Thupi lanu linakuuzani kale. Yang'anani pamene munaboola makutu, pa katemera wa paphewa, pamene munatemera mphini, pa chipsera cha opaleshoni. Ngati pena chipsera chinakula kupitirira bala lenilenilo n'kukhala chotupa cholimba, njira zonse za singano muzisiye, yocheka ndiye musaiyandikire n'komwe. Pensulo ikukwanirani, ndipo keloyidi wa pankhope ndi wovuta kuchiza kuposa nsidze zochepa.

Palinso oyenera kudikira kapena kuyamba aonana ndi dokotala: oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala shuga amene sakutsika bwino, akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, amene chitetezo cha thupi chatsika, amene akulandira chithandizo cha khansa, amene akumwa kapena angosiya kumene mankhwala amphamvu a ziphuphu a isotiretinoini, ndi amene ali ndi zidzolo kapena ziphuphu pansidze pomwepo. Ndiwonjezere odzola mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafutawa ali ndi masiteroyidi omwe amapyapyalitsa khungu ndi kuchedwetsa kupola. Pakhungu lotere singano imapitirira mosavuta, magazi amatuluka ambiri n'kukankha utoto, ndipo mtundu umene katswiri wasankha ukufanana ndi khungu lomwe lidzasinthe mukadzasiya kudzola. Anthu amachita manyazi kunena, koma muuzeni ndithu.

Kusankha munthu wokugwirani nkhope

Satifiketi ya pakhoma siikuuzani zambiri, chifukwa maphunziro ambiri a ntchitoyi amangotenga masiku awiri kapena atatu, wophunzira akuyeserera pa khungu la labala. Chimene chingakuuzeni zoona ndi zithunzi za ntchito yopola. Zithunzi za tsiku lomwelo zonse zimakongola. Pemphani za milungu isanu ndi umodzi, ndiponso za chaka kapena kupitirira, za anthu a khungu longa lanu, zojambulidwa pa kuwala kwa masana popanda zodzola. Pachithunzipo yang'anani kumchira ngati m'mbali muli mthunzi wofufuma, yang'anani ngati mtundu ukupita ku phulusa, ndiponso ngati kutsogolo kuli kofewa kapena kwa makona. Kuposa zonsezi, onani munthu wamoyo amene anamujambula chaka chatha, mumuyang'ane padzuwa.

Kenako mvetserani mafunso amene iye akukufunsani. Wosamala amayamba ndi matenda, mankhwala, zipsera, mimba, zodzola za pankhope, ndi ngati munajambulitsapo kale. Amagwira khungu lanu kuona mafuta. Amatha kukuuzani kuti njira imene mwabwerera si yoyenera inu, ngakhale kukubwezani. Amene akungofunsa kuti mukufuna kalembedwe kati ndipo mulipira bwanji, muchokepo. Inu mufunseni kuti: "Asisi, utoto uwu ukamasuluka pakhungu ngati langa umapita ku mtundu wanji?" Wodziwa amayankha mosazengereza, n'kukuonetsa botolo.

Botololo muligwire. Pakhale dzina la opanga, mndandanda wa zosakaniza, nambala ya gulu limene linapangidwira, ndi tsiku lotha ntchito. Mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya anakhwimitsa malamulo a utoto wa tatuu kuyambira Januwale 2022 pansi pa lamulo la REACH, lomwe linaletsa kapena kuchepetsa mankhwala masauzande, ndipo mabotolo otsatira lamuloli amalemba zimenezo. Ku America bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala la FDA silinavomerezepo utoto uliwonse kuti uzilowetsedwa m'khungu, choncho wokuuzani kuti utoto wake ndi wovomerezeka ndi FDA akunena zosakhala zoona, kaya akudziwa kaya ayi. Mabotolo otchipa opanda zolemba, ogulidwa pa intaneti, ndi amene simungadziwe kuti muli chiyani. Amene muli ku Mangalande, ntchitoyi imafuna kuti munthu ndi malo ake alembetsedwe ku khonsolo ya dera, ndipo mukhoza kupempha kuona pepala lake.

Tsiku lenilenilo maso akhale pa manja ake. Asambe m'manja, avale magolovesi atsopano. Singano kapena katiriji, kachubu kokhala ndi singano kovekedwa pa makina, aitsegule m'paketi yomata inu mukuona. Chogwirira cha njira yocheka chikhale chotaya, ndipo ngati ndi chachitsulo chogwiritsanso ntchito, pakhale makina ophera majeremusi ndi nthunzi yotentha, otokilevu, osati kabeseni ka sipiliti. Makina ndi waya wake zikulungidwe m'pulasitiki watsopano. Utoto authire m'kakapu kakang'ono kotaya, singano isalowe m'botolo lalikulu, ndipo wotsala asaubwezeremo. Akagwira foni ndi golovesi n'kubwerera pankhope panu, muuzeni asinthe, musachite manyazi. Pomaliza singano ilowe m'kabokosi kolimba ka zakuthwa. Malonso akhale apadera, osati pakona pamene ena akuwotcha tsitsi ndi kupala zikhadabo fumbi likuuluka.

Asanabaye ayenera kujambula kaye kalembedwe ndi pensulo, inu mutakhala tsonga, chifukwa nkhope ya munthu wogona chagada imasintha. Dziyang'aneni pagalasi, kwezani nsidze, sekani, jambulani chithunzi muone. Nkhope zathu sizifanana ndendende mbali ziwiri, ndipo wofuna kufananitsa ndi rula yekha amakweza nsidze imodzi kuchoka pa fupa lake. Mukakayika, sankhani yowondako ndi yopepukako, poti pa ulendo wachiwiri kuwonjezera n'kotheka koma kuchepetsa ayi. Ntchito yonse yoyamba imatenga maola awiri kapena atatu, mbali yaikulu ikupita pa kujambula ndi kugwirizana. Wolonjeza kumaliza m'mphindi 40 wadumpha zimenezo.

Funsaninso ngati mtengo ukuphatikiza ulendo wachiwiri, komanso kuti amawonjezera utoto pakapita nthawi yaitali bwanji. Amene akuti muzibwera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse adzadzaza khungu lanu. Kuwonjezera kumayenera kudikira mpaka utoto wasuluka moonekeratu, mwina theka lake, ndipo kwa ambiri zimenezi ndi chaka ndi theka kapena kupitirira.

Masiku 7 mpaka 10 oyamba ali m'manja mwanu. Pukutani mofatsa timadzi totuluka pabalapo monga wakulangizirani, pakani mafuta amene wakupatsani pang'ono zedi, musanyike nkhope m'madzi, pewani thukuta lambiri, nthunzi ya pamoto ndi dzuwa lamasana, ndipo nkhanambo musazitokose chifukwa zimachoka ndi utoto n'kusiya mipata. Ngati mungathe kusankha nyengo, Juni ndi Julayi ndi abwino kuposa Okutobala, pamene thukuta limayenderera pachipumi tsiku lonse. Ngati mukukonzekera ukwati, jambulitsani miyezi itatu usanafike, kuti ulendo woyamba, milungu yodikira ndi ulendo wachiwiri zonse zipole. Zikapola, mafuta otsuka ziphuphu ndi osendetsa khungu azilekezera patali ndi nsidze, chifukwa amafulumizitsa kusuluka mofanana ndi dzuwa.